Kalata yopempha chilolezo mu sisitemu ya kuntchito

Kalata zambiri zopita ku ofesi ya zamakompyuta zimangoti: "Chonde nditsegulireni zonse zimene amaona anzanga aja." Kalata yotere imagona pa desiki, ndipo a zamakompyuta salakwa poigoneka. Mnzanuyo mwina wagwira ntchito zaka zambiri, nasonkhanitsa zilolezo za m'madipatimenti atatu zimene palibe anakumbuka kuzichotsa. Kukupatsani zonsezo n'kukupatsani makiyi a nyumba yonse pomwe mukufuna chipinda chimodzi.

Tiyerekeze kalaliki wa zachuma pa kampani ina ku Limbe, yomwe imagwiritsa ntchito pulogalamu ya Sage 300. Iye amaloledwa mu Accounts Payable mokha, momwe muli ngongole za kampani kwa oigulitsa katundu. Tsopano mnzake wapita kutchuthi chokachira, ndipo ntchito yokonza ripoti la msonkho wa VAT yagwera iye. Ripotili limayenera kufika ku MRA pofika pa 25 mwezi wotsatira, ndipo silingatheke popanda kuona zomwe kampani yagulitsa. Izo zili mu Accounts Receivable.

Pakatikati pa kalata yake pangamveke chonchi:

"Ndikupempha chilolezo chongoona, osati kusintha kanthu, mu Accounts Receivable, kuyambira pa 1 Juni mpaka pa 31 Ogasiti. Ndapatsidwa ntchito yokonza ripoti la VAT pamene mnzanga ali patchuthi. Popanda chilolezochi sindingathe kutsimikizira msonkho wa pa zogulitsa tsiku la 25 lisanakwane, ndipo kampani ikhoza kulipitsidwa chindapusa. Abwana anga avomereza ndipo asayina pansipa."

Mawu akuti "chongoona" ndiwo afewetsa pempholi. Pa kompyuta chilolezo chotere chimalembedwa kuti read-only, ndipo amene ali nacho sangafute chiphaso cha malonda kapena kusintha nambala ya ndalama. Tsiku lomaliza nalonso ndi lofunika, chifukwa limauza a zamakompyuta nthawi yotseka; apo ayi chilolezo chakanthawi chimasanduka chamuyaya.

Komabe pali pempho limene lingakanidwe ngakhale chifukwa chake chimveke bwino. Kalaliki yemweyu, amene amalembetsa ogulitsa atsopano mu sisitemu, atapempha kuti azivomerezanso malipiro awo, yankho liyenera kukhala ayi. Munthu mmodzi wokhala ndi mphamvu ziwirizi angathe kulembetsa kampani yabodza n'kuilipira yekha. Kukanako sikutanthauza kuti akumukayikira. Oyendera mabuku a chuma amafufuza zimenezi pa aliyense.

Chimene ine ndimadana nacho kwambiri ndi njira yachidule yobwereka pasiwedi ya amene wachokayo. Sisitemu imalemba dzina la akaunti imene yagwira ntchito, choncho cholakwika chilichonse chidzaoneka ngati wachita ndi mayi amene anali kunyumba ndi khanda. Ngati nthawi yathina, kalatayo inene tsiku lenileni limene chilolezo chikufunika, ndipo abwana aimbire foni a zamakompyuta kuti aifulumize.