Mayunitsi anga apita kuti? Kalata yoitanitsa zosowa m'foni

Tiyerekeze mayi wogulitsa tomato mumsika wa Limbe. Lolemba madzulo waika mayunitsi a K3,000, wagula bandulo ya sabata ya K2,000, ndipo K1,000 waisiya kuti mawa aimbire womupikulitsa. Kutacha apeza mayunitsi kulibe, bandulo nayo yatha. Sanaimbe foni, sanatsegule kanema.

Ambiri zikatere amangotukwana kampani m'minibasi nkhani n'kuthera pomwepo. Kalata ndiyo imasiya umboni, koma asanailembe mayiyu ayenera kudzifufuza yekha, chifukwa mayunitsi ali ndi mabowo odziwika otulukira. Ngongole ndi loyamba: wobwereka kudzera pa Kutapa wa Airtel kapena Pasavute wa TNM amadulidwa akangoika mayunitsi, kuphatikizapo kachiwongoladzanja. Bowo lina ndi nyimbo zomwe oimba foni amamva, kapena mauthenga a mpira amene munthu analembetsa mosadziwa, n'kumadulidwa tsiku ndi tsiku. Lalikulu kwambiri ndi foni yeniyeniyo. Usiku imatha kudzikonzera mapulogalamu kapena kutumiza zithunzi kosungira, ndipo bandulo ikatha intaneti ili chiyatsire, imatha kuyamba kudya mayunitsi pamtengo wokwera.

Foni imasunga kawundula wake. Pa Settings, pamene alemba Data usage, pamaoneka kuchuluka kwa zimene pulogalamu iliyonse yadya. Ngati foni ikuti zadyedwa 200 MB pomwe kampani ikuti 1 GB yonse yatha, ndipo palibe mwana amene analumikiza foni yake usiku, mayiyu ali ndi mlandu wogwirika. Ajambule tsambalo, asungenso uthenga wotsimikiza kugula bandulo.

Kalatayo isatalike. Wolandira madandaulo sangabweze ndalama chifukwa cha mawu akuti "ndinu akuba". Amafuna nambala ya foni, tsiku, nthawi ndi ndalama. Mtima wa kalata ungamveke motere: "Bwana, Lolemba cha m'ma 6 koloko madzulo ndinagula bandulo ya 1 GB pa K2,000 ndipo ndinatsala ndi K1,000. Lachiwiri m'mawa zonse kunalibe. Foni yanga ikusonyeza kuti ndagwiritsa ntchito 200 MB zokha. Ndikupempha kuti mundipatse ndondomeko ya momwe mwandidulira, mundichotse pa chilichonse chomwe sindinalembetse, ndipo mundibwezere K1,000 ndi 800 MB pasanathe masiku 14."

Pempho la ndondomekolo ndilo lolemera, pakuti limakakamiza kampani kutsegula mabuku ake. Nthawi zina, tinene zoona, mabukuwo amatsutsa wodandaula yemwe.

Makalata akhale awiri: imodzi isiyidwe ku ofesi ya kampani, inayo aidinde chidindo cha tsiku lolandirira n'kubwerera nayo, pamodzi ndi nambala ya dandaulo. Masiku aja akatha kuli zii, kapena yankho likakhala losakhutiritsa, kalata yodindidwayo ndi zithunzi zija zipite ku MACRA, bungwe loyang'anira makampani a mafoni pansi pa lamulo la zamtokoma ndi mtengatenga wa mauthenga la 2016. Kumeneko funso loyamba limakhala lakuti kodi munayamba mwadandaula ku kampaniyo.