Kusandutsa chithunzi cha ndandanda ya sitima kukhala mizere yowerengeka

Ndandanda ya maulendo a basi kapena sitima nthawi zambiri imatipeza ngati chithunzi cha pa foni. Wina anajambula pepala lomata pa khoma la padepoti kapena padoko, n'kutumizira anzake. Chithunzi chotere sungachikonze nthawi ikasintha, ndiponso kompyuta singasanje zomwe zilimo. Zimafunika kuzilemba m'mizere, mzere uliwonse ukhale ndi malo amodzi oimapo ndi nthawi yake, yolembedwa m'maola 24.

Titenge Ilala, sitima yomwe yakhala ikuyenda pa nyanja ya Malawi kuyambira mu 1951. Ikachoka ku Monkey Bay imaima m'madoko monga Nkhotakota, Likoma, Chizumulu ndi Nkhata Bay isanakafike ku Chilumba, ndipo ulendowo umadya masiku angapo. N'chifukwa chake ndandanda yake imaphunzitsa zambiri kuposa ya basi yochoka ku Lilongwe m'mawa n'kufika ku Blantyre masana.

Masamu ake ndi ochepa. Nthawi ya m'mawa imakhala momwe ilili, kungoika 0 patsogolo ngati ola lili ndi nambala imodzi: 7:00 AM imakhala 07:00. Kuyambira 1 koloko masana mpaka 11:59 usiku mumawonjezera 12, motero 6:00 PM ndi 18:00. Pogwa anthu ambiri ndi pa ola la 12. Likakhala la masana limatsala 12:00, koma 12:30 AM, yomwe ndi pakati pa usiku, imalembedwa 00:30.

Chovuta chenicheni n'chakuti mapepala ambiri salemba AM kapena PM pa nthawi iliyonse. Tiyerekeze kuti chithunzi chikuonetsa izi, ndipo nthawizi n'zachitsanzo chabe: pansi pa Loweruka, sitima ikunyamuka ku Likoma 6:00 PM, ikufika ku Chizumulu 7:30 n'kunyamuka 10:00, kenako ikufika ku Nkhata Bay 1:00 n'kunyamuka 7:00. Zilumba ziwirizi n'zoyandikana, choncho 7:30 ija ndi ya usiku womwewo, 19:30, ndipo 10:00 ndi 22:00. Nanga 1:00 ya ku Nkhata Bay? Wongowonjezera 12 alemba 13:00, kutanthauza kuti sitima yatha maola 15 panyanja pa mtunda wa maola ochepa. Yoona ndi 01:00, ndipo tsiku lasintha, lafika Lamulungu. 7:00 yonyamukira ndiyo sungaidziwe ndi masamu okha, pakuti sitima ingathe kukhala padoko mpaka m'mawa kapena mpaka madzulo ikutsitsa katundu. Pamenepo muyang'ane nthawi yofikira doko lotsatira, ndipo ngati sizikumvekabe mufunse ku ofesi yogulitsa matikiti. Tinene kuti mwapeza kuti ndi ya m'mawa. Mizere yathu ikhala motere:

```
doko,tsiku,kufika,kunyamuka
Likoma,Loweruka,,18:00
Chizumulu,Loweruka,19:30,22:00
Nkhata Bay,Lamulungu,01:00,07:00
```

Danga la tsiku ndimalilimbikira kwambiri. Popanda ilo, munthu angaganize kuti 01:00 ija ndi ya mbandakucha wa Loweruka, n'kukadikira padoko tsiku lathunthu sitima isanafike. Ngati sitima yafika tsiku lina n'kunyamuka mawa lake, pakhale madanga awiri a tsiku. Kufika ndi kunyamuka nazonso zisasakanikirane, chifukwa wokalandira mlendo amafuna nthawi yoyambayo pomwe wokwera amafuna yachiwiriyo.

Kukopera manambala mutha kuchita pamanja, kapena ndi mapulogalamu owerenga zolemba za m'chithunzi monga Google Lens. Amafulumiza ntchito, koma amasokoneza 3 ndi 8, 1 ndi 7, komanso 0 ndi chilembo O, makamaka pepala likakhala lofwifwa ndi dzuwa. Choopsa kwambiri ndi chithunzi chopendekeka, chifukwa nthawi ya doko lina imatsetserekera pa mzere wa doko loyandikana nalo ndipo nambala iliyonse imaoneka yabwinobwino. Jambulani mutaima moyang'anizana ndi pepala, ndipo mukamaliza muwerenge madoko a m'chithunzi ndi mizere yanu kuti zifanane. Pomwe pali kamzere kapena mpata wopanda kanthu, kawirikawiri ndiye kuti sitima siima pamenepo. Danga limenelo lisiyeni lopanda kanthu, musalembemo 00:00, chifukwa imeneyo ndi nthawi yeniyeni.

Mu Excel lembani nthawi ndi madontho awiri. Mukalemba 7.30 pulogalamuyo imaitenga ngati nambala wamba n'kuionetsa 7.3. Madanga a nthawi muwaike pa `hh:mm` kuti 0 wa patsogolo asasowe.

Pomaliza tsikani ndi chala kuchokera pa doko loyamba mpaka lomaliza. Nthawi iyenera kumakwera, ndipo ikabwerera m'mbuyo, monga kuchoka pa 22:00 kufika pa 01:00, tsiku liyenera kusintha pa mzere womwewo. Ikabwerera tsiku lisanasinthe, ndiye kuti pali nambala yowerengedwa molakwika kapena PM yoiwalika. Mulembenso pamwamba deti lomwe chithunzicho chinajambulidwa, pakuti ndandanda zimasintha koma chithunzi chakale chimapitirizabe kuyenda m'mafoni.