Katundu Woiwalika m'Chipinda cha Alendo

Mlendo akachoka pa hotela kapena pa loji, woyamba kuona zimene waiwala amakhala wokonza m'zipinda. Zambiri zimapezeka pansi pa pilo, m'kabati ndi kuseri kwa chitseko cha bafa. Wopezayo sayenera kuika chinthucho m'thumba mwake, ngakhale atafuna kukachipereka bwino lomwe. Amaitana kapitawo kuti achione ali awiri, ndipo zikakhala ndalama amawerengera limodzi. Mboni imeneyi imateteza wantchito, chifukwa mwini wake akadzati ndalamazo zaperewera, woyamba kulozedwa chala ndi iye.

Kenaka chinthucho chimalembedwa m'buku: tsiku, nambala ya chipinda, pamene chinali, dzina la wochipeza ndi maonekedwe ake. Polemba pamafunika kusamala. Mphete imalembedwa kuti ndi yachikasu, osati yagolide, poti palibe amene waiyesa, ndipo kulemba golide n'kudziitanira mlandu. Nambala ya m'bukuyo imamatidwanso pa katunduyo.

Zovala ndi matchaja zimatsekeredwa m'sitolo, ndipo mahotela ambiri amazisunga miyezi itatu. Mafoni, ndalama ndi zodzikongoletsera zimalowa m'sefa ndipo zimasungidwa nthawi yotalikirapo, mwina miyezi isanu ndi umodzi. Zakudya zotsegula kale zimatayidwa. Pasipoti siyenera kugonera m'sitolo: mwini wake akapanda kupezeka msanga, imaperekedwa kupolisi kapena ku ofesi ya kazembe wa dziko lake.

Tiyerekeze kuti foni yatsala pa loji ku Mangochi, mwini wake ali kale ku Lilongwe. Loji imamuimbira pa nambala ina imene analembetsa pofika, ndipo nkhaniyo imauzidwa iye yekha, pakuti kumene munthu wagona n'chinsinsi chake. Asanauzidwe zambiri, afotokoze yekha mtundu wa foniyo, chikuto chake ndi chithunzi chimene chimaoneka ikayaka. Woona amayankha mosavuta, pamene wonama amayamba wafunsa kuti mwapeza yotani. Mtengo wotumizira amalipira mwini wake, mwina kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba. Foniyo imazimitsidwa, kujambulidwa, kukulungidwa bwino, n'kutumizidwa ndi kampani yonyamula katundu imene imapereka lisiti, ndipo nambala ya lisitiyo imalowa m'buku. Kupatsira kondakitala wa minibasi n'kotchipa, koma foni ikasowa panjira palibe pepala loonetsa.

Wobwera kudzatenga yekha amaonetsa chiphaso ndi kusaina. Wotumidwa amafunika chiphaso chake ndi uthenga wolembedwa wochokera kwa mwini katundu. Nthawi yosunga ikatha, bwana wa hotela ndiye amagamula ngati zotsalazo zipite kwa osowa kapena kwa wozipeza, ndipo chigamulocho chimasainidwa pa mzere womwe chinthucho chinalembedwa.