Kodi zinyalala za pa boma la Vubwi zimathera kuti?

Boma la Vubwi linapatulidwa kuchoka ku Chadiza m'chaka cha 2012, chaka chomwenso Sinda anakhala boma paokha. Malo akakhala boma anthu amachuluka, masitolo ndi maofesi amamangidwa, msika umakula, ndipo zinyalala nazo zimakula. Lamulo nambala 20 la chaka cha 2018 linaika nchito yosamala zinyalala m'manja mwa makhonsolo. Tsono pamene khonsolo kapena alendo odzathandiza afuna kufotokoza za nchitoyi pamsonkhano, kawirikawiri amapachika pakhoma chithunzi cha mabokosi ndi mivi, chosonyeza ulendo wa zinyalala kuchokera pomwe zabadwira kufikira pomwe zathera. Ambiri a ife timangogwedeza mutu. Chonsecho chithunzicho nchosavuta, ndipo munthu wodziwa kuwonkhetsa ndi kuchotsera angathe kuchigwira bodza ngati chikunama.

Bokosi lililonse ndi malo pomwe zinyalala zimabadwira kapena kuima, monga makomo, msika, mulu wa kuseri kwa msika ndi dzala la khonsolo. Muvi ndi ulendo wochoka pa bokosi lina kupita pa lina, ndipo pambali pake amalembapo kulemera kwa zomwe zikuyenda. Pa zithunzi zambiri muvi wonenepa utanthauza katundu wambiri, woonda katundu wochepa. Kajambulidwe kameneka kanatchuka ndi dzina la injiniya wina, Matthew Sankey, yemwe m'chaka cha 1898 anajambula motere posonyeza kumene mphamvu ya injini ya nthunzi inali kutayikira. Nafenso tikufuna kuona chomwecho: pomwe katundu akutayikira panjira.

Musanatsate muvi uliwonse, yang'anani zinthu ziwiri m'mphepete mwa pepala. Choyamba ndi malire. Kodi chithunzicho chikunena za pa boma pokha, kapena za dera lonse pamodzi ndi midzi ya Mfumu Pembamoyo? Kusiyana kwake nkwakukulu, pakuti kumudzi kulibe thalakita yotola zinyalala. Chachiwiri ndi muyeso. Nambala zina zimakhala makilogalamu a tsiku limodzi, zina matani a chaka chathunthu, ndipo wojambula wosasamala amazisakaniza pa pepala limodzi.

Lamulo lowerengera ndi limodzi lokha. Zonse zolowa m'bokosi ziyenera kulingana ndi zotuluka, kuwonjezapo zotsalira m'bokosimo. Zili ngati thumba la chimanga lomwe lapita kuchigayo: ufa, gaga ndi zomwe zatayikira pansi mukaziphatikiza ziyenera kubwezera kulemera kwa thumba lija. Zikapanda kubwezera, ndiye kuti pali muvi womwe sunajambulidwe.

Tiyeni tiyese ndi chitsanzo. Nambala izi nzongoyerekeza kuti tiphunzirepo, si kalembera wa khonsolo iliyonse. Tinene kuti pa boma ngati la Vubwi pakhala anthu 6,000. Lipoti la Banki Yaikulu ya Dziko Lonse la chaka cha 2018 linapeza kuti m'maiko a kuno kumwera kwa chipululu cha Sahara munthu mmodzi amataya makilogalamu 0.46 patsiku, ndiye ife tingoti theka la kilogalamu. Motero bokosi la makomo lili ndi makilogalamu 3,000 patsiku. Bokosi la msika ndi masitolo tilipatse 1,000. Zonse pamodzi ndi 4,000, ndipo nambala imeneyi muigwiritsitse, chifukwa kumapeto kwa pepala iyenera kupezekanso yonse.

Pa bokosi la makomo pakutuluka mivi isanu. Wonenepa kwambiri, wa makilogalamu 1,500, ukulowa m'nkhuti za kuseri kwa nyumba. Wotsatira, wa 700, ukupita pamoto. Wa 300 ndi zotsala za chakudya ndi makoko opita ku nkhumba, nkhuku ndi kudimba. Wa 200 ukuthera m'misewu ndi m'ngalande. Wotsiriza, wa 300, ndi zomwe okhala pafupi ndi msika amakataya pa mulu wa kumsika, nthawi zambiri kukada. Wonkhetsani, mupeza 3,000. Bokosi limeneli lakhoza mayeso.

Imani kaye pamenepa, chifukwa apa ndiye pagona nkhani. Pa magawo khumi a zinyalala za m'makomo, gawo limodzi lokha ndilo lalowa njira yopita kwa khonsolo. Zina zonse zathera pakhomo kapena pafupi ndi pakhomo. Diso la munthu limathamangira mzere wa pakati wokhala ndi chithunzi cha thalakita, koma wowerenga wochenjera amayamba ndi muvi wonenepa, ngakhale utakhotera pansi pa pepala. Ndiponso mivi inayi imeneyi siifanana. Makoko a nshawa opita kudimba abwerera kunthaka ndipo sanalakwe kanthu. Nkhuti nayo inali yabwino masiku omwe tinali kutayamo masamba ndi phulusa zokha. Lero mukulowa majumbo, matewera a ana ogula kusitolo ndi mabatire, zinthu zosaola, ndipo nkhuti yokumbidwa pafupi ndi chitsime chosazama imaika madziwo pangozi nthawi ya dzinja. Moto umachepetsa mulu, koma utsi wa pulasitiki umapumidwa ndi ana omwe ali pabwalo pomwepo. Ine ndiona kuti chithunzi chomwe chaphatikiza mivi yonseyi nkulemba mawu amodzi akuti "zosatoledwa" chabisa zomwe anthu anafunika kudziwa.

Tsopano tipite kumsika. Pa makilogalamu 1,000 aja, 100 akutengedwa ndi otola mabotolo othiramo thobwa ndi mafuta ophikira, ogula zitsulo zakutha ndi oweta nkhumba. Otsala 900 akupita pa mulu. Pamodzi ndi 300 ochokera m'makomo, mulu ukulandira 1,200 patsiku. Ndiye pa chithunzi pali muvi waukhondo wolembedwa 1,200 wochoka pa mulu kupita ku dzala la khonsolo. Masamu agwirizana bwino lomwe, koma muvi umenewu ndi woyenera kuukayikira kuposa yonse.

Funso lake nali: kodi 1,200 ameneyu anapimidwa, kapena anangoganiziridwa? Sikelo yopimira galimoto yathunthu ndi chinthu chodula, ndipo matauni aang'ono ambiri amangowerenga maulendo a thalakita. Tinene kuti ngolo yake imalowa madiramu 20, ndipo diramu limodzi la zinyalala zosatsendera limalemera makilogalamu 60. Ulendo umodzi ndiye 1,200. Wojambula anaona kuti ulendo umodzi patsiku ukwanira, nalemba choncho. Koma kuti zitero, thalakita iyenera kuyenda masiku onse asanu ndi awiri, yodzaza bwino. Mukapempha buku la dalaivala nkupeza kuti pa sabata inayenda kanayi kokha, chifukwa Loweruka ndi Lamulungu kulibe nchito ndipo tsiku lina dizilo inasowa, ndiye kuti zinachoka ndi 4,800 pamene zinalowa ndi 8,400. Makilogalamu 3,600 atsala pa mulu sabata imodzi yokha.

Katundu wotere sangabisale. Ngati mulu ukukula sabata ndi sabata, chithunzi chiyenera kulemba zotsalirazo m'bokosi. Ngati sukukula, pitani mukaone nokha. Phulusa lakuda pansi likuuzani kuti wina amayatsa moto madzulo. Mbuzi ndi agalu zikuuzani kumene zakudya zinapita. Majumbo okodwa m'minga ndi nchito ya mphepo, ndipo kakhwawa kochoka pa mulu kutsikira ku ngalande ndi nchito ya mvula. Chilichonse mwa izi ndi muvi womwe unaiwalika. Pa pepala khonsolo inali kuoneka ngati ikuchotsa 30 pa 100 aliwonse a zinyalala za tauni. Buku la dalaivala latsitsa nambalayo kufika pa 17.

Nambala ya kumayambiriro nayo iyenera kufunsidwa komwe inachokera, pakuti ikalakwika, mivi yonse yalakwika. Njira yomwe bungwe la UN-Habitat linafalitsa m'chaka cha 2021 ndi yopatsa mabanja osankhidwa matumba, nkumapima zomwe aikamo kwa masiku 8. Za tsiku loyamba sizimawerengedwa, chifukwa mayi akalandira thumba amasesa ndi zakale zomwe. Kuno kwathu pali zina zosokoneza sikelo. Mchenga wosesedwa pabwalo ndi phulusa la mbaula zimalemera kwambiri, pamene majumbo odzaza thumba lonse salemera kanthu. Motero muvi wa pulasitiki umaoneka woonda pa chithunzi chonsecho ndiwo umatseka ngalande. Nyengo nayo imasintha zinthu. Kupima mu Disembala, nthawi ya mango ndi zinyalala zonyowa, sikungafanane ndi kupima mu Julayi, nthawi ya makoko a nzimbe ndi ogula soya ndi nshawa atadzaza pamsika. Chithunzi chosalemba mwezi womwe anapimira chili ngati risiti yopanda deti.

Zinthu zina simudzaziona pa pepala lotere ndipo musadabwe. Singano ndi nsalu za magazi za kuchipatala zili ndi njira yakeyake, ndipo za m'chimbudzi zili ndi chithunzi chakenso. Koma mukakumana ndi singano pa mulu wa kumsika, dziwani kuti njira ziwirizo zakumana pomwe siziyenera kukumana, ndipo ndi nkhani yokanena kwa a zaumoyo tsiku lomwelo.

Bokosi lotsiriza ndi dzala la khonsolo, ndipo ambiri amapinda pepala akafika pamenepa. Koma mawu akuti "zatayidwa" amaphimba zinthu ziwiri zosiyana. Pali malo otchingidwa ndi mpanda, pomwe zinyalala zimatsenderedwa nkukwiriridwa ndi dothi. Palinso dzenje lakale lokumbamo miyala pomwe thalakita imangokhuthula nkubwerera. Lipoti la 2018 lija linati 69 pa 100 aliwonse a zinyalala za m'chigawo chino cha Afirika amathera pa malo a mtundu wachiwiriwu. Pa malo otere bokosi limakhala ndi mivi yakeyake yotuluka. Njira yojambulira yotchedwa Waste Flow Diagram, yomwe bungwe la ku Jeremani la GIZ ndi anzake anatulutsa m'chaka cha 2020, imatsata pulasitiki wothawa mpaka pa mathero anayi: wopsa ndi moto, wotsalira pamtunda, wokodwa m'ngalande ndi wolowa m'madzi. Kwa ife a ku Vubwi, Sinda ndi Katete madziwo ndi dambo lomwe kumunsi kwake kuli madimba ndi zitsime.

Mukafika pamenepa bwererani ku 4,000 uja. Wonkhetsani za m'nkhuti, za pamoto, za ziweto ndi kudimba, za m'misewu, za otola, zofika ku dzala ndi zotsala pa mulu. M'chitsanzo chathu, kuwerengera pa sabata, zinabadwa ndi makilogalamu 28,000. Za pakhomo ndi m'misewu ndi 18,900, otola atenga 700, thalakita yanyamula 4,800, ndipo 3,600 ndi aja a kuseri kwa msika.