Kayendedwe ka mawu ndi kukwera kwa liwu m'zilankhulo

Kayendedwe ka mawu ndi momwe chilankhulo chimagawira nthawi pakati pa maphatikizo munthu akamalankhula. Akatswiri a zilankhulo amakonda kugawa zilankhulo m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi la zilankhulo zoyendera kutsindika, monga Chingerezi, Chijeremani ndi Chirasha, momwe maphatikizo ena amatchulidwa mwamphamvu pamene ena amangodutsidwa mothamanga. Gulu lachiwiri ndi la zilankhulo zoyendera maphatikizo, monga Chifalansa, Chisipanishi ndi Chiyoruba, momwe phatikizo lililonse limamveka lathunthu. Chijapani chimaikidwa m'gulu lachitatu chifukwa chimawerenga tizigawo tochepa kuposa phatikizo. Kukwera ndi kutsika kwa liwu ndi nkhani ina, koma ziwirizi zimayendera limodzi, ndipo ndi zomwe zimachititsa kuti munthu adziwike kwawo ngakhale atatchula lembo lililonse molondola.

Dera la Sangilo, lomwe lili m'mphepete mwa nyanja ya Malawi pafupi ndi Chilumba kummwera kwa boma la Karonga, ndi chitsanzo chabwino cha nkhaniyi. Anthu ambiri kumeneko amalankhula Chitumbuka pakhomo, kumpoto kwa bomali kuli Chingonde, ndipo kusukulu ana amaphunzira Chichewa ndi Chingerezi. Mwana wa ku Sangilo amakumana ndi njira zitatu zosiyana zoyendetsera liwu asanamalize pulayimale.

Chiyambi cha maganizowa

M'chaka cha 1940, Arthur Lloyd James anayerekeza Chifalansa ndi kulira kwa mfuti yachiwaya, ndipo Chingerezi anachiyerekeza ndi zizindikiro za Morse, zomwe zimasakaniza kulira kwakutali ndi kwakufupi. Kenneth Pike ndiye anapereka mayina a magulu awiriwa mu 1945. Mu 1967 David Abercrombie anapitirira ponena kuti chilankhulo chilichonse padziko chili m'gulu limodzi mwa awiriwa. Iye ankati m'Chingerezi nthawi yochokera pa kutsindika kumodzi kufika pa kwina imakhala yofanana, ndipo m'Chifalansa maphatikizo onse amatenga nthawi yofanana.

Anthu atayamba kuyeza ndi makina, zinapezeka kuti sizili choncho kwenikweni. Mu 1982 Peter Roach anayeza zilankhulo zisanu ndi chimodzi zomwe Abercrombie anatchula, ndipo sanapeze kufanana kwa nthawi komwe kunkanenedwa. Chaka chotsatira Rebecca Dauer anafotokoza kuti chomwe khutu limamva chimachokera ku kapangidwe ka maphatikizo komanso ku zomwe zimachitikira malembo a liwu osatsindikidwa. Mu 1999 Franck Ramus, Marina Nespor ndi Jacques Mehler anayeza nthawi yomwe malembo a liwu amatenga m'chiganizo. Anapeza kuti m'Chingerezi ndi pafupifupi magawo 40 pa 100 alionse, m'Chijapani ndi pafupifupi 53, ndipo Chisipanishi, Chifalansa ndi Chitaliyana zili pakati. Masiku ano ambiri amaona magulu aja ngati mbali ziwiri za mzere umodzi. Komabe kusiyanako kulipo ndithu. Kafukufuku wa ku France anasonyeza kuti makanda a masiku ochepa amatha kusiyanitsa Chingerezi ndi Chijapani, koma osati Chingerezi ndi Chidatchi, zomwe zimayenda mofanana.

Kapangidwe ka phatikizo

M'Chichewa ndi m'Chitumbuka pafupifupi phatikizo lililonse limathera ndi lembo la liwu. Chiganizo choti "Tikuphika nsima" chili ndi maphatikizo asanu ndi limodzi: ti-ku-phi-ka-nsi-ma, ndipo malembo a liwu alimonso asanu ndi limodzi. Kupatulako ndi m woima payekha, monga m'mawu oti mtengo, yemwe amatenga nthawi yake ngati phatikizo. Chingerezi chimalola malembo opanda liwu atatu kutsogolo kwa lembo la liwu limodzi ndi ena anayi pambuyo pake, motero maphatikizo ake amasiyana kwambiri kutalika.

Mawu obwereka amaonetsa bwino zimenezi. Mawu a Chingerezi omwe anabala buledi, sukulu ndi sitampa ali ndi phatikizo limodzi lililonse. Atalowa m'Chichewa anakhala ndi maphatikizo atatu, chifukwa lilime la wolankhula linaika lembo la liwu pakati pa malembo othithikana ndi linanso kumapeto.

Chinthu chachiwiri ndi kufooka kwa malembo a liwu. M'mawu oti banana muli a atatu. Mngelezi amatchula wapakati yekha mokwanira, awiri enawo amasanduka kaliwu kakafupi kosamveka bwino ngati ndi a kapena e. Mlendo wolankhula Chingerezi amachita chimodzimodzi ndi dzina la Karonga: amalemetsa ro, ndipo ka ndi nga amawameza pang'ono. Munthu wa ku Karonga amatchula a woyamba ndi womaliza momveka. Chitumbuka ndi Chichewa zili ndi malembo a liwu asanu, ndipo palibe lomwe limasintha kukhala kaliwu kofooka chifukwa cha malo ake.

Kutalika kwa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto

Kunena kuti maphatikizo onse a Chichewa ndi Chitumbuka ndi ofanana n'kulakwitsa. M'zilankhulo zonse ziwiri, phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto kwa kagulu ka mawu limatalika. Izi anazifotokoza Jonni Kanerva pa Chichewa mu 1990, ndipo Laura Downing walemba zambiri poyerekeza Chichewa ndi Chitumbuka.

Munthu wa ku Sangilo akanena kuti "Tikuphika", phatikizo la phi limatalika ndipo liwu limayamba pamwamba n'kutsika, ngati kuti walemba tikuphiika. Akawonjezera liwu lina n'kunena kuti "Tikuphika sima", phi uja amafupika ndipo kutalika kumasamukira pa si, ngati tikuphika siima. Apa pali kusiyana kwakukulu ndi Chingerezi. M'Chingerezi kutsindika ndi kwa liwu lenilenilo, kumalembedwa m'dikishonale, ndipo wophunzira amayenera kuloweza liwu ndi liwu. M'Chitumbuka kutalika ndi kwa malo. Kumauza womvera kuti kagulu ka mawu kathera apa, ngati mpumiro womveka ndi khutu. Aliyense angathe kuyesa izi yekha powomba m'manja pa phatikizo lililonse: kuwomba kumayenda mofanana, kenaka kumachedwa pang'ono kutatsala phatikizo limodzi kuti apume.

Chichewa ndi Chitumbuka

Ngakhale zimafanana pa kutalikitsa, zilankhulo ziwirizi zimasiyana pa ntchito ya kukweza liwu. M'Chichewa phatikizo limatha kukhala lokwera kapena lotsika mwa ilo lokha, ndipo tanthauzo limasintha. Akatswiri amaika kachizindikiro pamwamba pa lembo lokwera. Mténgo ndi wa m'nkhalango, pamene mtengo wopanda kukwera ndi wa pamsika. Pa aneni ndiye nkhani imakula, chifukwa nthawi imasintha: ndímathandíza ndi zomwe munthu amachita nthawi zonse, koma ndimathándiza ndi zomwe amachita posachedwapa. Malembo ndi omwewo.

Chitumbuka chilibe kusiyana kotere. Ndi chimodzi mwa zilankhulo zochepa za Chibantu zomwe zinataya kukweza liwu kosiyanitsa matanthauzo, monganso Chiswahili. Liwu limakwera pamalo odziwikiratu, pa phatikizo lotalika lija. Nchifukwa chake wolankhula Chitumbuka akamaphunzira Chichewa kawirikawiri amaika kukwera pa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, ngakhale pomwe Mchewa akanakweza koyambirira. Kalembedwe ka Chichewa sikathandiza, popeza sikaonetsa kukwera kwa liwu. Chichewa chinakhala chilankhulo cha dziko mu 1968, ndipo ana ambiri a kumpoto akhala akukumana nacho kwambiri m'mabuku a kusukulu, momwe ndimathandiza amalembedwa mofanana nthawi zonse ziwiri. Womvera amamvetsabe chifukwa cha nkhani yomwe ikukambidwa, koma amazindikira msanga kuti wolankhulayo ndi wa kumpoto. Mchewa naye akamalankhula Chitumbuka amadziwika, popeza amanyamula kukweza kwa kwawo n'kukuika pa mawu omwe sakufuna.

Mafunso

Funso ndi pomwe kukwera kwa liwu kumasiyana moonekeratu. M'Chingerezi funso lofuna yankho la inde kapena ayi nthawi zambiri limakwera kumapeto, pamene funso lofunsa ndani, liti kapena kuti limatsika ngati chiganizo wamba. Malingana ndi Downing, funso la inde kapena ayi m'Chitumbuka limatsika kenaka n'kukwera pa maphatikizo awiri omaliza, pamene m'Chichewa limakwera kenaka n'kutsika. Motero "Kasi mukuphika sima?" ndi "Kodi mukuphika nsima?" amafunsa chinthu chimodzi, koma mathero ake amayang'ana mbali zosiyana. Mafunso okhala ndi mawu monga ndani ndi chiyani alibe kamvekedwe kokakamiza kotere, kungoti liwu lonse limakwera pang'ono. Mawu oti kasi ndi kodi nawo amachenjeza womvera kuyambira pachiyambi kuti kukubwera funso.

Pofuna kuonetsa liwu lofunika kwambiri m'chiganizo, Chingerezi chimangolitsindika pomwe lili. Chichewa chimakonda kusintha kamangidwe ka chiganizo: "Mayi ndi amene aphika", kapena "Ndi nsima imene aphika".

Zotsatira zake pophunzira Chingerezi

Wophunzira wozolowera maphatikizo athunthu amavutika kwambiri pomvera kuposa polankhula. Mngelezi amathamangitsa timawu ting'onoting'ono tolumikiza ziganizo mpaka timatsala kaliwu kamodzi, ndipo khutu loyembekezera lembo la liwu lomveka limaona ngati mawuwo sanatchulidwe. Mbali inayo, mlendo womvera Chingerezi cha Mmalawi amafunafuna phatikizo lotsindikidwa kuti azindikire liwu, ndipo akapeza onse akumveka mofanana amasochera ngakhale mawu ali olondola.

Manambala ndi pomwe vutoli limafika m'thumba. M'Chingerezi 15 ndi 50 amasiyana pa lembo lomaliza komanso pa kutsindika: 50 amatsindikidwa koyambirira ndipo mathero ake ndi afupi, pamene 15 wotchulidwa payekha amalemera kumapeto. Chimodzimodzi 13 ndi 30, mpaka 19 ndi 90. M'katchulidwe ka ku Malawi kusiyanako kumanyamulidwa ndi kuchuluka kwa maphatikizo: fifitini ali ndi anayi, fifite ali ndi atatu. Njira zonse ziwiri zimagwira ntchito pakati pa eni ake. Chisokonezo chimabwera wogulitsa nsomba kunyanja akakumana ndi mlendo, kapena polankhula pafoni pomwe mathero a mawu samveka bwino, popeza wina akumvera kutsindika pamene mnzake akuwerenga maphatikizo. Ambiri amathetsa izi potchula manambala limodzilimodzi, wani faifi kapena faifi ziro.