Nyumba ya lendi ya anthu awiri: imelo yogawana ndalama izinena chiyani

Anthu awiri akasonkherana kugula nyumba yoti azichititsa lendi, mkangano subwera tsiku logula. Umabwera mwezi umene denga ladontha, kapena pamene wokhala pa lendi wasamuka usiku osalipira. Pamenepo aliyense amakumbukira zimene anagwirizana mwa njira yakeyake. Kwa Amalawi ambiri mnzawo wogula naye amakhala kutali, ku Joni kapena ku Mangalande, ndipo pangano lonse limakhala m'mawu ojambula a pa WhatsApp amene amasowa foni ikabedwa. Imelo imasunga tsiku, imasonyeza amene analemba ndi amene anayankha, ndipo imapezekabe pakapita zaka. Lamulo la 2016 lokhudza zochitika za pa makina a intaneti limazindikiranso mauthenga otere, kotero angathe kukhala umboni.

Tiyerekeze za munthu ndi mlongo wake. Mwamunayo amagwira ntchito ku Joni, mkaziyo amakhala ku Lilongwe. Agula nyumba ku Eliya 25 pa mtengo wa K57 miliyoni. Mwamunayo watumiza K36 miliyoni, mlongo wake waikapo K21 miliyoni. Atawerengera zokhazi, mwamunayo angati gawo lake ndi pafupifupi 63 peresenti. Komatu loya, woyesa mtengo wa nyumba ndi msonkho wosinthira umwini zinadya K3 miliyoni ina, ndipo anatulutsa ndi mlongoyo chifukwa ndiye anali pafupi. Ndiye kuti nyumba yalowa K60 miliyoni, mlongoyo waikapo K24 miliyoni, ndipo magawo enieni ndi 60 ndi 40 peresenti.

Kusiyana kwa maperesenti atatu kumaoneka kochepa, koma kumabwera mwezi ndi mwezi kwa zaka zambiri, kenako kumadzaonekeranso tsiku logulitsa nyumba. N'chifukwa chake ndime yoyamba ya imelo iyenera kutchula ndalama iliyonse, tsiku lake ndi amene anapereka, malisiti atajambulidwa n'kuphatikizidwa pomwepo. Mlongoyo angalembe kuti: "Achimwene, zonse pamodzi zakwana K60 miliyoni. Inu mwapereka K36 miliyoni, ine K24 miliyoni. Choncho inu muli ndi 60 peresenti, ine 40, ndipo tizigawana motero phindu ndi zolipira zomwe."

Mawu akuti "ndi zolipira zomwe" ndi amene anthu ambiri amaiwala.

Ndime yachiwiri ndi imene imafuna kufatsirira kwambiri, chifukwa imanena ndondomeko imene ndalama ya lendi iziyenda ikangolowa. Ogula nyumba limodzi ambiri amagawana lendi yonse tsiku limene yalipidwa, ngati nyama ya mbuzi pa chikondwerero, osasiyako kalikonse. Chikafika chokonza amayamba kupemphana, ndipo amene ali kutali amaganiza kuti akumudyera. Imelo yabwino imaika zinthu motsatana. Lendi ndi K500,000 pa mwezi, ndipo izilowa mu akaunti ya ku banki yotsegulira nyumbayo yokha, yoti onse awiri aziona zolowa ndi zotuluka. Poyamba pazichoka 10 peresenti, K50,000, ya mlongoyo chifukwa ndiye amatolera lendi, kufunafuna alendi atsopano ndi kuyimirira amisiri. Kenako 15 peresenti, K75,000, izitsala mu akaunti ngati thumba lokonzera nyumba ndi kulipira misonkho ya kukhonsolo ya mzinda ndiponso lendi ya malo ngati nthaka ndi yobwereka ku boma. Yotsala ndi K375,000, ndipo iyi yokha ndi imene igawidwe: K225,000 kwa mwamunayo, K150,000 kwa mlongo wake.

Ena amaona ngati kulipira mbale wako pa ntchito yoyang'anira nyumba ndi mwano. Si mwano ayi. Mlongo amene amakwera minibasi kukatsatira lendi yochedwa, n'kukhala tsiku lonse akudikira pulambala, akugwira ntchito imene kampani yoyang'anira nyumba ikanalipiritsa. Ikapanda kulembedwa, iye amayamba kudzidulira pang'onopang'ono "ya thiransipoti", ndipo mchimwene wake akadzazindikira, chikhulupiriro chimatha.

Payeneranso kukhala malire a ndalama imene woyang'anira angagwiritse ntchito osafunsa. Pa nyumba iyi angagwirizane K100,000. Mpopi wotayikira kapena loko wothyoka mlongoyo akonzetse yekha n'kutumiza lisiti. Chopitirira pamenepo chifune mitengo ya amisiri awiri ndi yankho lolembedwa la mnzake. Koma mvula sidikira munthu amene sakuyankha foni, choncho imelo inene kuti pakadutsa masiku asanu popanda yankho, ntchito yofulumira ipitirire.

Tsopano chaka chatha, malata awola, ndipo kufolera mwatsopano kukufuna K2 miliyoni. Tinene kuti m'thumba muli K900,000. Yoperewera ndi K1.1 miliyoni, imene igawidwe monga mwa magawo: K660,000 kwa mwamunayo, K440,000 kwa mlongoyo. Nanga mwamunayo ntchito itamuthera mwezi umenewo? Apa imelo isankhe chimodzi momveka. Njira yosavuta ndi yakuti amene ali nayo alipire yonse, ndipo K660,000 ija ikhale ngongole yobwezedwa kuchokera pa gawo la lendi la mnzake. Pa K225,000 mwezi uliwonse ngongoleyo imatha m'miyezi itatu, magawo a umwini osasintha. Zikapanda kulembedwa, wolipirayo amadzati gawo lake la nyumba linakula, winayo n'kumati anali kungothandizidwa.

Amene ali kunja amawerenga phindu lake m'marandi, ndipo apa pali msampha. Mu Meyi 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Lendi m'makwacha sinasinthe tsiku limenelo, koma marandi amene munthu wa ku Joni angapeze nayo anatsika. Imelo inene poyera kuti zonse zikuwerengedwa m'makwacha, kuti ndalama yochokera kunja ikuwerengedwa monga inafikira m'makwacha tsiku lolandira, ndipo kuti zolipira potumiza ndi za mwini gawo. Inenenso kuti aliyense azidzilipirira msonkho wa gawo lake ku MRA, ndi kuti dipoziti ya wokhala pa lendi si phindu: imakhala mu akaunti mpaka adzatuluke.

Kuvomereza kukhale koonekeratu. Mwamunayo ayankhe pa imelo yomweyo, uthenga wonse uli m'munsi, kuti: "Achemwali, ndawerenga ndipo ndavomera zonse monga mwalembera." Akafuna kusintha mfundo ina, mlongoyo alembenso imelo yonse mwatsopano ndi mfundo yosinthidwayo, kuti pasakhale zidutswa zisanu zotsutsana.

Pali chinthu chimodzi chimene imelo singathe kuchita, ndicho kusintha zolembedwa pa chikalata cha umwini. Lamulo la malo olembetsedwa limasiyanitsa eni ake ogwirizira pamodzi popanda magawo ndi eni ake amene aliyense ali ndi gawo lake lolembedwa. Pa mtundu woyamba, mmodzi akamwalira nyumba yonse imatsalira mnzakeyo. Pa wachiwiri, gawo la womwalirayo limalowa m'chuma chake chamasiye. Ngati mwamuna wa ku Joni uja ali ndi mkazi ndi ana, ndipo akufuna kuti 60 peresenti yake idzakhale yawo, magawowo ayenera kuoneka pa chikalata ku ofesi ya zamalo. Choopsa koposa ndi nyumba kulembedwa m'dzina la mlongo yekha "poti ndiye ali pafupi". Awiriwa akamaliza kugwirizana, asindikize imeloyo n'kupita nayo kwa loya kuti aone ngati ikufanana ndi chikalata cha umwini, asanalandire lendi yoyamba.