Sepitiki Thanki: Makulidwe a Khoma ndi Chiwerengero cha Zipangizo

Mwini nyumba akauza mmisiri kuti akufuna sepitiki thanki ya mamita 3 mulitali, mita ndi theka mulifupi ndi mamita 1.8 kuya, amakhala akunena za m'kati, malo amene madzi adzakhale. Vuto ndi lakuti manambala omwewo amaperekedwanso kwa anyamata okumba dzenje, ndipo omwewo ndi amene amawerengera njerwa ndi simenti. Apa ndi pamene ndalama zimatayikira, chifukwa khoma lili ndi makulidwe ake, ndipo makulidwewo amafuna malo akeake.

Tiyeni titenge thanki imeneyi, yomangidwa ndi njerwa zootcha, khoma lake la masentimita 23, lomwe amisiri amati naini inchi. Okumba akakumba dzenje la mamita 3 ndi 1.5 ndendende, makoma amalowa m'kati mwa dzenjelo n'kudya masentimita 23 mbali iliyonse. M'kati mumatsala mamita 2.54 ndi 1.04 basi. Madzi akamafika mita ndi theka kuchokera pansi, thanki imene inayenera kusunga malita pafupifupi 6,500 imasunga malita osakwana 4,000. Mwini nyumba sangazione zimenezi silabu ikavundikira. Adzazidziwa pakapita nthawi, pamene thanki ikudzaza matope msanga, zinyalala zikuwolokera ku sokawe n'kuitseka, ndipo galimoto yopopa ikubwera pafupipafupi.

Ndiye thanki imodzi ili ndi miyezo itatu: wa m'kati, wa kunja, ndi wa pakati pa khoma. Chipangizo chilichonse chili ndi muyezo wake, ndipo luso lonse lagona pa kusasokoneza itatuyi.

Wa kunja ndi wosavuta. Mumawonjezera makulidwe a khoma kawiri, chifukwa khoma lili uku ndi uku. Mamita 3 amasanduka 3.46, ndipo 1.5 amasanduka 1.96. Konkiliti yapansi imene makoma amakhalapo iyenera kutulukira kunja kwa makomawo ndi masentimita 10 mbali zonse, choncho imakhala mamita 3.66 ndi 2.16. Dzenje liyenera kupitirira pamenepo, kuti mmisiri athe kuima kunja kwa khoma, kutseka bwino mipata ya njerwa ndi kudzatsindira dothi pokwirira. Mukasiya masentimita 30 mbali iliyonse, okumba muwauze mamita 4.3 ndi 2.8, osati 3 ndi 1.5. Kuya kwake muwonjezere masentimita 15 a konkiliti yapansi, komanso muone kaye pamene paipi yochokera m'nyumba idzafikire, poti ndiyo imalamula kuti thanki itsike bwanji.

Njerwa zimawerengedwa ndi muyezo wa pakati pa khoma, ndipo apa m'pofunika kufatsa. Mukazungulira thanki ndi tepi m'kati, mupeza mamita 9: atatu kawiri, ndi mita ndi theka kawiri. Mukazungulira kunja mupeza mamita 10.84. Yankho loona lili pakati pa manambala awiriwa. Muyezo wa m'kati umasiya makona anayi osawerengedwa, pomwe wa kunja umawerenga kona iliyonse kawiri. Kona iliyonse ndi kampanda ka masentimita 23 uku ndi uku, choncho njira yachidule ndi kutenga muyezo wa m'kati n'kuwonjezerapo makulidwe a khoma kanayi:

9 + (4 × 0.23) = 9.92

Khoma lathu ndi lalitali mamita 9.92 likatambasulidwa. Tikachulukitsa ndi msinkhu wake wa mamita 1.8, tipeza masikweya mita 17.9.

Tsopano m'sikweya mita imodzi mumalowa njerwa zingati? Nambala yoloweza pamtima ndi yoopsa pano, chifukwa njerwa za kwathu kuno zimasiyana malinga ndi chikombole cha woumba. Pitani pa uvuni, mutenge njerwa zingapo muziyeze. Tinene kuti mwapeza masentimita 22 mulitali, 11 mulifupi ndi 7 msinkhu. Matope a pakati pa njerwa amatenga sentimita imodzi, ndiye njerwa iliyonse imatenga malo a masentimita 23 ndi 8 pankhope ya khoma. Mukagawa sikweya mita imodzi ndi malo amenewa mupeza njerwa 54 pakhoma la mzere umodzi, lija amati hafu buliki. Khoma la naini inchi ndi mizere iwiri, choncho limadya njerwa pafupifupi 109. Makoma anayi athu afuna njerwa 1,950.

Amene anawerengera muyezo wa m'kati akanagula njerwa 1,770, n'kuperewera pafupifupi 180. Zingaoneke zochepa, koma ndi makosi awiri athunthu pamwamba pa thanki. Zimene zimachitika kawirikawiri n'zakuti njerwa zikatha, mmisiri safuna kuimitsa ntchito, amangoti, "Bwana, apa pakwana, tithire silabu." Makosi awiriwo ndi masentimita 16 ochotsedwa pa mpata wa pamwamba pa madzi, womwe unayenera kukhala masentimita 30 kuti mafuta ndi zoyandama zikhale ndi malo.

M'kati mwa thanki mumakhalanso khoma logawa zipinda ziwiri, chipinda choyamba chotenga magawo awiri mwa atatu a utali wonse. Khoma ili lokha ndi limene limawerengedwa ndi muyezo wa m'kati, chifukwa limayambira pankhope ya khoma lina n'kuthera pankhope ya linzake. Mamita 1.5 kuchulukitsa ndi 1.8 ndi masikweya mita 2.7, ndipo pa hafu buliki ndi njerwa pafupifupi 150. Zonse pamodzi ndi 2,100. Njerwa zootcha zimasweka potsitsa m'lole, zina zimapezeka zosapsa, ndipo yosapsa siyenera kulowa m'thanki chifukwa imafumbutuka ikakhalitsa m'madzi. Onjezani khumi pa 100 iliyonse, mugule 2,300.

Ngati mukumanga ndi mabuloko a simenti, njira ndi yomweyi. Buloko yotenga malo a masentimita 40 ndi 20 pamodzi ndi matope ake imalowa 12 ndi theka m'sikweya mita. Chosintha ndi makulidwe amene mukuchulukitsa kanayi aja, komanso mabowo a mabulokowo amafunika kudzazidwa ndi konkiliti kuti khoma lipirire dothi ndi madzi, ndipo konkiliti imeneyo iwerengedwe payokha.

Simenti ili ndi ntchito zitatu pano, ndipo ndi bwino kuwerenga iliyonse padera. Yoyamba ndi matope omangira. Khoma lonse, njerwa ndi matope pamodzi, ndi makiyubiki mita pafupifupi 4.4, ndipo ndi njerwa zoongoka bwino matope amatenga gawo limodzi mwa magawo asanu. Njerwa zathu zambiri n'zokhota, zimadya matope ochuluka, ndiye tiwerengere kiyubiki mita yathunthu. Simenti ndi mchenga zikasakanizidwa ndi madzi zimaphwa, choncho kuti mupeze kiyubiki mita imodzi ya matope mumafunika zouma zokwana 1.3. Pa muyezo wa simenti imodzi ku mchenga inayi, gawo la simenti ndi malita 260. Thumba la makilogalamu 50 limakhala ndi malita pafupifupi 35, ndiye ndi matumba 8, pamodzi ndi mchenga wopitirira pang'ono kiyubiki mita imodzi. Pamalo a ntchito zimenezi zikutanthauza thumba limodzi ku mawilibala awiri a mchenga osefukira pang'ono. Mukaona thumba limodzi likuthiridwa mawilibala anayi, dziwani kuti khoma limenelo lidzachucha.

Ntchito yachiwiri ndi konkiliti, ndipo iyi imatsata muyezo wa kunja. Yapansi ija ya mamita 3.66 ndi 2.16, yokhuthala masentimita 15, ndi makiyubiki mita 1.2. Silabu yapamwamba imakhala pamwamba pa makoma mpaka m'mphepete mwake, mamita 3.46 ndi 1.96, ndipo pa makulidwe omwewo ndi kiyubiki mita imodzi. Pa muyezo wa simenti imodzi, mchenga iwiri ndi kwale inayi, kiyubiki mita iliyonse imadya matumba opitirira pang'ono 6. Makiyubiki mita 2.2 afuna matumba 14, mchenga kiyubiki mita imodzi ndi kwale makiyubiki mita awiri. Silabu yapamwamba imafunanso zitsulo. Mukayala za Y10 motalikirana masentimita 20 uku ndi uku, mufunika zidutswa 18 za mamita 1.9 ndi zidutswa 11 za mamita 3.4, zomwe zimatuluka m'zitsulo 7 za mamita 12. Pa mabowo a zivundikiro pamafunika zitsulo zina zozungulira, ndipo silabu imeneyi ndi yoyendapo anthu okha. Ngati padzadutsa galimoto, kuwerengako ndi kwa injiniya.

Yachitatu ndi pulasitala, amene amabwerera ku muyezo wa m'kati. Mamita 9 aja kuchulukitsa ndi 1.8, kuphatikiza nkhope zonse ziwiri za khoma logawa ndi pansi pomwe, ndi masikweya mita 26. Pa makulidwe a sentimita ndi theka, simenti imodzi ku mchenga itatu, matumba 4 angakwane pakhoma loongoka, koma gulani 5. Ine ndikanalola kuchepetsa kwina kulikonse koma osati apa. Pulasitala ndi amene amatseka madzi, ndipo thanki yochucha imaipitsa nthaka ndi zitsime za anthu oyandikana nawo mwakachetechete. Musanakwirire, idzazeni madzi, muike chizindikiro, mudikire tsiku loyamba kuti makoma amwe, kenako muone ngati madzi akutsikabe tsiku lotsatira.

Simenti yonse ndi matumba 27, mchenga makiyubiki mita awiri ndi theka.

Sokawe imawerengedwa ndi nzeru yomweyi, kungoti ndi yozungulira ndipo ntchito yake ndi kutulutsa madzi. Tinene kuti m'kati mwake ndi mita ndi theka kuchokera mbali ina kufika ina, kuya mamita awiri, khoma la hafu buliki. Kuti mupeze pakati pa khoma, apa mumawonjezera makulidwe kamodzi kokha: 1.5 ndi 0.11 ndi 1.61. Chulukitsani ndi 3.14, mupeza mamita pafupifupi 5.1 kuzungulira. Gawo lapansi la mita ndi theka limamangidwa mosiya mipata pakati pa njerwa kuti madzi azilowa m'nthaka. Mukasiya mpata wa masentimita 8, m'sikweya mita mumalowa njerwa 42 m'malo mwa 54, ndiye gawo limeneli lifuna 320. Theka la mita lapamwamba limamangidwa lotseka kuti dothi ndi madzi a mvula zisamagweremo, ndipo lifuna 140. Ndi zosweka zomwe, njerwa 500 zikwana. Sokawe sifuna pulasitala kapena konkiliti pansi, koma dzenje lake likule ndi masentimita 15 kapena 20 kuzungulira kunja kwa khoma kuti muthiremo miyala, ndipo likumbidwe mamita osachepera 30 kuchokera pachitsime kapena mjigo.